Ndikangotsegula shopu mtima umalema: ndi ulesi kapena ndadwala?

*"Zikomo alangizi. Ndine mayi wa zaka 36, ndimasoka zovala ku Ndirande. Kale ntchitoyi ndinkaikonda, koma kwa miyezi inayi tsopano ndikangotsegula shopu mtima umalema. Ndimagona mochedwa, kudzuka ndili wotopa, foni ikalira ndimakwiya ndisanaone n'komwe woimba. Sabata yatha ndinadula molakwika nsalu ya kasitomala, zomwe sizinandichitikirepo. Ntchito ndi yambiri koma ndalama sizikuoneka. Ndangomaliza mayunifolomu 30 a amayi a kumpingo pa K6,000 imodzi, anthu asanu ndi mmodzi sanalipirebe, ndipo alamu anga abweretsa kale nsalu za ukwati wa mwana wawo kuti ndisoke 'mwachibale'. Kukana kumandivuta, ndimaopa kuoneka wodzikonda. Kodi ndi ulesi kapena ndadwala? Nditani?"*

Mayi, pepani kwambiri, ndipo khazikani mtima pansi: ulesi si umenewu. Waulesi ntchito ikamuphonya amasangalala, usiku n'kugona tulo tofa nato. Sakhala maso kudandaula za nsalu ya mwini. Zimene mwalembazi ndazimva kwa anamwino, aphunzitsi, ophika za m'maukwati ndi amakaniko, ndipo pafupifupi onse anali anthu odziwika ndi khama. Vutoli ndi kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito, pa Chingerezi amati burnout, ndipo limakonda kugwira anthu otere. Mu 1974 katswiri wina wa za maganizo, Herbert Freudenberger, analemba za anthu amene ankadzipereka pa chipatala chaulere ku New York, ataona kuti amene anayamba ndi changu chachikulu ndi omwe ankatheratu mphamvu n'kuyamba kuipidwa ndi odwala omwe ankawathandizawo. Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalongosola vutoli momveka bwino. Silinaliike m'gulu la matenda, koma linati ndi vuto lobwera chifukwa cha kupanikizika ndi ntchito kwa nthawi yaitali popanda chosintha, ndipo linatchula zizindikiro zitatu.

Choyamba ndi kutopa kosamva tulo. Telala aliyense amatopa mu Sepitembala sukulu zikamatsegulira, kapena sabata ya Khirisimasi, koma kutopa kumeneko mukagona bwino Loweruka ndi Lamulungu, Lolemba mumadzuka muli munthu. Kwinaku n'kosiyana. Mumapuma tsiku lathunthu koma m'mawa mwake thupi limakhala lolemera chimodzimodzi, ndipo nthawi zambiri tulo tenitenito timakana kubwera chifukwa mutu ukuwerengabe madiresi otsala.

Chachiwiri ndicho chimene anthu amachita nacho manyazi, choncho sachinena msanga: mtima kutalikirana ndi ntchito komanso ndi anthu a pantchitopo. Kasitomala amene kale munkacheza naye uku mukumuyeza, lero mukangomuona akubwera ndi jumbo m'manja mumati "wabweranso uyu." Diresi likatuluka bwino simumvanso kalikonse. Mumangofuna lichoke. Kwa ine chizindikiro chimenechi ndicho chimasiyanitsa kwambiri vutoli ndi kutopa wamba, pakuti munthu wongotopa amakondabe ntchito yake.

Chachitatu ndi kuona ngati luso lakuthawani. Nsalu yodula molakwika ija ili pamenepa. Luso lanu silinapite kulikonse. Munthu wosagona mokwanira amaiwala muyeso umene wangowerenga kumene pa tepi, basi. Kuipa kwake n'kwakuti cholakwa chilichonse chimabala ntchito ina, kumasula ndi kusokanso, mwinanso kugula nsalu ina ndi ndalama zanu, ndiye mumagona mochedwa kuposa dzulo, mawa n'kulakwitsanso.

Tisanafike ku nkhani ya kukana, pitani kuchipatala mukayezetse. Sindikunena izi mongokwaniritsa mwambo. Kuchepa kwa magazi, komwe n'kofala kwa amayi a msinkhu wanu makamaka ngati kumwezi mumataya magazi ambiri, kumabweretsa kutopa kofanana ndendende ndi kumeneku. Chimodzimodzinso shuga, chifuwa chachikulu, kachirombo ka HIV ngakhalenso vuto la chithokomiro. Pemphani akuyezeni kuchuluka kwa magazi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo muwauze ngati mukuonda, mukutuluka thukuta usiku, mukumva ludzu kawirikawiri kapena mtima ukugunda mofulumira. Poti ndinu wosoka, yezetsaninso maso. Mutu wa madzulo aliwonse nthawi zina umangokhala wa maso amene akuvutika kulowetsa ulusi pa singano pa kuwala kochepa. Zingakhale zachisoni kukangana ndi abale pa nkhani ya mitengo pamene chimene thupi likufuna ndi mapiritsi oonjezera magazi.

Palinso matenda a kukhumudwa kwambiri, omwe amafanana ndi vuto lanuli ndipo nthawi zina amabwera pambuyo pake. Funso limene ndimafunsa ndi ili: kulemako kumatsala pa shopu, kapena kumakutsatirani kulikonse? Ngati mukapita kumudzi masiku atatu mumaseka, nsima n'kumakoma, ndiye kuti gwero lake ndi ntchito. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo palibe chimene chikukusangalatsani, kaya ndi ana, kwaya kapena macheza, ngati mukungolira, kudziona wopanda pake, kudzuka pakati pa usiku tulo osabweranso, pamenepo kusintha mitengo kokha sikukwanira. Kaonaneni ndi namwino kapena dokotala wa za maganizo. Ku Queens komweko alipo, ndipo pa chipatala chaching'ono cha kwanuko angakulembereni kalata yopitira kumeneko. Maganizo ofuna kudzipha akangobwera, ngakhale kamodzi, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti mumalize kaye ntchito ya wina.

Tsopano tibwere pa ntchitoyo. Anthu ambiri amaganiza kuti chotopetsa ndi kuchuluka kwa maola basi, ndiye amakulangizani kuti "mupumeko." Kupuma n'kofunika, koma mukapuma sabata n'kubwerera ku zomwezo, pomatha mwezi mudzakhala pomwe muli lero. Christina Maslach, amene wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti kupatula kuchuluka kwa ntchito, munthu amatheratu mphamvu ngati malipiro sakugwirizana ndi thukuta lake, ngati alibe mawu pa momwe ntchitoyo iyendere, komanso ngati akuona kuti sakuchitiridwa chilungamo. Ndi chifukwa chake mutha kusoka diresi la mkwatibwi usiku wonse n'kudzuka wosangalala, koma siketi ya ola limodzi ya munthu amene sanalipire ngongole yakale n'kukuonongerani tsiku. Mwa ntchito khumi zimene zili pa shelefu yanu, mwina zitatu zokha ndi zimene zikukudyani. Tizipeze, ndipo njira yake ndi cholembera ndi kope.

Titenge mayunifolomu aja. Mitengo ya zipangizo ndi maola ndiyika zongoyerekeza, inu muikemo zanu zenizeni. Mayunifolomu 30 pa K6,000 ndi K180,000, ndipo ndikudziwa kuti tsiku logwirizana mtengo nambala imeneyi inamveka bwino m'khutu. Tinene kuti ulusi, zipi ndi mabatani zinadya K1,500 pa yunifolomu iliyonse, yapita K45,000. Ngati muli ndi mtsikana wokuthandizani kupinda m'mphepete ndi kusita, n'kumamupatsa K1,000 pa chovala, yapitanso K30,000. Yatsala K105,000. Tsopano maola. Kudula ndi kusoka yunifolomu imodzi tiike maola anayi, onse pamodzi 120. Onjezani nthawi imene atelala saiwerengera: kuyeza anthu 30 amene sabwera tsiku limodzi, kubweza m'chiuno mwa amene akuti yathina, kuimbira foni osalipira. Tiike maola 20. Ndiye kuti maola 140 akupatsani K105,000, yomwe ndi K750 pa ola. Chotsaninso K36,000 ya asanu ndi mmodzi aja, mutsala ndi K69,000, yosakwana K500 pa ola, lendi ya shopu ndi magetsi tisanazikhudze. Maola 140 ndi pafupifupi masabata atatu athunthu a munthu wolembedwa ntchito, pakuti lamulo la ntchito m'dziko muno limaika maola 48 pa sabata.

Yerekezani ndi diresi la chitenje la kasitomala wamba, lomwe mwina mumatchaja K25,000, zipangizo K4,000, maola asanu ndi limodzi. Limenelo likukupatsani K3,500 pa ola. M'masabata atatu aja, ndi makasitomala angati otere amene munawauza kuti "panopa ndatanganidwa," kapena munawalandira n'kuwasokera usiku maso akutsekeka? Ntchito yotsika mtengo sikuti imangolipira zochepa. Imalandanso malo a ntchito yabwino, n'kuikankhira ku maola amene mumayenera kukhala mukugona.

Kuti muleke kutchula mitengo mongoganizira, mufunika nambala imodzi yomwe ndi malire anu. Lembani zonse zimene shopu ndi khomo zimafuna kwa inu pa mwezi. Tiyerekeze lendi ya shopu K60,000, magetsi ndi kukonzetsa makina K30,000, ndipo gawo lanu la zapakhomo, chakudya, sukulu fizi ndi kangachepe kosunga, K350,000. Zonse K440,000. Musagawe ndi maola onse amene mumakhala pa shopu, chifukwa ena amathera kogula zipangizo ku Limbe, kuyeza anthu ndi kudikira magetsi. Pa maola pafupifupi 190 a pamwezi, mwina 130 ndi amene makina amalira kapena sizasi imadula. K440,000 kugawa ndi 130 ikubwera pafupifupi K3,400 pa ola. Ndi muyeso umenewu, yunifolomu ya maola anayi, kuphatikiza zipangizo ndi wothandiza, imayenera kukhala cha m'ma K16,000. Munatsitsa K10,000 pa iliyonse, kutanthauza kuti munapereka mphatso ya K300,000 ku gulu lija. Kupereka si kulakwa. Chowawa n'chakuti simunasankhe kupereka, simunadziwe kuti mwapereka, ndipo olandirawo sakudziwanso, moti ena akuona ngati anakuchitirani chifundo pokupatsani ntchito. Mkwiyo umene mumamva foni ikalira ukuchokera pamenepa.

Onaninso kuti mitengo yanu munaisintha liti. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ulusi, zipi ndi singano zambiri zimachokera kunja. Amisiri ambiri amene ndacheza nawo anakweza mitengo kwa alendo okha, koma makasitomala akale, abale ndi akumpingo anawasiya pa mtengo wakale chifukwa cha manyazi. Mapeto ake anthu amene amakubweretserani ntchito kawirikawiri ndi omwe akulipira zochepa kwambiri.

Nanga kukana kwake? Tinakula tikumva kuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo atelala ambiri mwambiwu amautsatira momwe ulili: amalandira nsalu ndi manja awiri, n'kuiika pansi pa mulu, mwini wake akabwera "mubwere mawa." Ndi mmene mbiri yoti atelala ndi abodza inayambira. Ambiri si abodza, ndi anthu oopa kunena kuti ayi. Koma njira imeneyi kwa inu ndi yoipa kuposa kukana poyera, chifukwa nsaluyo mukangoisunga yasanduka ngongole. Mumaiona tsiku lililonse, mumabisala mwini wake akamadutsa, ndipo pamapeto mumaisokabe, mothamanga, usiku wa Lachisanu, n'kulandira chitonzo m'malo mwa zikomo. Ulemu umene mwambiwo ukufuna mutha kuusunga m'mawu anu ndi nkhope yanu, popanda kulandira nsaluyo.

Chinthu choyamba kuphunzira si "ayi" koma kusayankha pomwepo. Anthu ovutika kukana amavomera m'kanthawi kochepa kamene wopemphayo ali chiimire akuwayang'ana. Khalani ndi kope la maoda, ndipo aliyense, ngakhale abusa, amve yankho limodzi: "Ndione kaye m'buku, ndikuyankhani mawa m'mawa." Nsalu abwerere nayo. Usiku umenewo werengani maola, chulukitsani ndi nambala yanu ija, onani ngati m'sabatamo muli malo. Mawa lake muyankhe ndithu, osangokhala chete, chifukwa kukhala chete ndi kuviika komwe kuja.

Poyankha, nenani mtengo kapena tsiku, osati nkhani yaitali. "Amayi, ndawerengera, yunifolomu imodzi ikubwera K16,000. Ndikatsika pamenepo ndiye kuti ndikuikamo zanga." Mukatero khalani chete. Apa m'pamene ambiri amagwa: wopemphayo akangoti duu, iwo amachita mantha n'kuyamba kudzitsitsa okha asanapemphedwe n'komwe. Musachulukitsenso zifukwa. Mukati "makina akuvuta," adzati tidikira akonzedwe. Mukati "ndatanganidwa mwezi uno," adzati mwezi wamawa palibe vuto. Chifukwa chabodza chilichonse chili ndi yankho lake, koma mtengo weniweni ulibe. Akati "koma uje amasoka pa K7,000," yankhani mwaulemu kuti "ngati angathe pa mtengo umenewo, mpatseni ndithu, sindidandaula," ndipo muzinena zochokera pansi pa mtima.

Ngati ndalama zawo n'zochepadi, chepetsani ntchito, osati mtengo wa ola lanu. Sitayilo yosavuta, yopanda nsalu ya mkati ndi zokongoletsa, ingatsitse maola anayi kufika awiri ndi theka. Gulu lingagule lokha zipi ndi ulusi. Onse abwere kudzayezedwa tsiku limodzi. Ndipo pa ntchito ya gulu, musamatolere ndalama kwa munthu mmodzimmodzi. Imeneyo ndi ntchito ya msungichuma wawo. Theka lilowe pa Airtel Money kapena Mpamba musanadule nsalu, theka linalo tsiku lotenga, zovala zonse zichoke pamodzi. Za K36,000 yotsala ija, lembani maina asanu ndi limodziwo mupereke kwa amayi apampando, muwapemphe kuti gulu likupatseni pofika tsiku lakutilakuti, kenako iwo azikatolera okha. Si mwano. Amene anabweretsa oda ndi gulu.

Nkhani ya alamu anu ndiyo yolimba, ndipo sindikunamizani kuti ili ndi njira yosapweteka aliyense. Ukwati wa mwana wa m'banja ndi wanunso, ndipo aliyense amayembekezeka kusonkhapo kanthu. Vuto ndi mawu akuti "mwachibale," omwe alibe malire: lero ndi madiresi a operekeza mkwatibwi, mawa malaya a anyamata, mkuja zovala za azakhali ochokera kumudzi, sabata yomaliza ana ovina. Ikani malirewo inuyo, ndipo muwaike ngati mphatso yotchulidwa dzina. Mwachitsanzo: "Alamu, ukwatiwu ndi wathu tonse. Ine chopereka changa ndisoka ulere diresi la mayi a mkwatibwi ndi la chinkhoswe. Zotsalazi zikufuna masabata awiri athunthu, ndipo shopu ikaima masabata awiri lendi indikanika. Ngati komiti ingakwanitse mtengo uwu ndisoka, apo ayi ndikulozereni mnzanga amene amasoka bwino." Mwakana zambiri, koma mwayamba ndi chimene mukupereka, ndipo mphatsoyo tsopano ikuoneka, ingathe kulembedwa m'buku la komiti monga zimalembedwera za amene wapereka thumba la mpunga.

Ngati alamuwo ndi a kuchimuna, kambiranani kaye ndi bambo a kunyumba, muwaonetse masamu aja pa pepala, ndipo ngati n'kotheka akanene ndi iwo kapena mukanene muli awiri. Mawu omwewo akachokera kwa mchimwene wawo amamveka ngati dongosolo la banja, koma akachokera kwa inu nokha amasanduka "mkazi uja ndi wouma mtima." Ngati bambowo ndi amene anavomera kale m'malo mwanu, imeneyo ndi nkhani yofunika kuikamba payokha, modekha, chifukwa ntchito imene wina amakuvomerani musanafunsidwe ndi imene imatopetsa kuposa zonse.

Ndimalangiza anthu kuti ntchito zachifundo azipatse malo ake odziwika, monga chovala chimodzi kapena ziwiri pa mwezi, zoti mwasankha nokha: yunifolomu ya mwana wamasiye, nsalu ya pamaliro, diresi la agogo. Malowo akadzaza, wotsatira adikire mwezi wamawa. Mudzaona kuti chovala chaulere chimene mwasankha nokha sichitopetsa, pamene cha theka la mtengo chokakamizidwa chimawawa mpaka ulusi womaliza.

Muyembekezere kuti ena adzakhumudwa. Padzakhala amene adzati mwayamba kudzimva, ndipo makasitomala ena adzachoka. Nthawi zambiri ochokawo ndi omwe ankalipira mochedwa ndi kubweza zovala kawirikawiri, koma mwezi woyamba kapena wachiwiri ndalama zolowa zingatsikedi, ndiye musachite zonse tsiku limodzi. Ngati muli ndi ngongole ya banki m'khonde yofuna kubweza sabata iliyonse, kapena mwakodwa mu katapira, mantha a tsiku lobweza ndi amene amakuvomeretsani ntchito iliyonse. Zikatero yambani ndi kukana ntchito imodzi yoipitsitsa, mtengo watsopano muyambire pa makasitomala atsopano, akale muwauze mwezi umodzi nthawi isanakwane, ndipo musatengenso ngongole ina mpaka iyi itatha. Dziwaninso kuti si ntchito yotsika mtengo iliyonse yoyenera kukanidwa. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pomwe anthu ndalama zathera ku feteleza ndi sukulu fizi, ntchito ya K2,000 pa ola iposa makina ongokhala. Ntchito yomweyo mu Okutobala, maukwati ali mpwechepweche ndipo Tsiku la Anakubala lili pafupi, ndi yoluza. Funso nthawi zonse likhale lakuti: ikulanda malo a chiyani?

Pali ntchito inanso yofunika kuionetsetsa: yolipira bwino koma yokudyani moyo. Kasitomala amene amasintha sitayilo diresi litadulidwa kale, amaimba foni usiku, amakunyozani pamaso pa anthu. Kwa wotere werengani maola onse, a mafoni ndi obwereza omwe, ndipo mudzapeza kuti mtengo wake wabwinowo si wabwino kwenikweni. Muuzeni malamulo poyamba: kubweza kamodzi n'kwaulere, kusintha sitayilo nsalu itadulidwa kuli ndi mtengo wake. Akapitiriza, mumalizireni chimene chili m'manja, ulendo wotsatira mumuuze kuti malo palibe.

Pamene mukukonza zimenezi, thupi nalo lifuna gawo lake. Sankhani ola lotsekera, tinene 6 koloko madzulo, ndi tsiku limodzi pa sabata lomwe simugwira nsalu ngakhale kunyumba. Mauthenga a makasitomala a pa WhatsApp muziyankha nthawi ya ntchito yokha; amene walemba 10 koloko usiku ayankhidwe m'mawa, ndipo posakhalitsa adzazolowera. Ndikudziwa kuti magetsi akabwera usiku mtima umafuna kuthamangira ku makina. Ngati zatero, mawa lake mutsegule mochedwa, tulo tibwezedwe. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera asanu ndi awiri. Chenjerani ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija komanso kumwa mapiritsi a mutu tsiku ndi tsiku. Zimabisa kutopa kwa maola ochepa, zoyambazo n'kukulandaninso tulo, ndipo mapiritsi a ululu akamwedwa pafupipafupi amatha kuyambitsa mutu wina wosatha. Ndipo kwa masabata angapo akubwerawa, nsalu yodula mtengo muziidula m'mawa mokha, mutayeza kawiri.

Musadabwe ngati sabata yoyamba yopuma mukumva kutopa kuposa kale, kapena mtima ukukutsutsani mukakhala pansi osachita kanthu. Zimachitika. Kutopa kumene kwaunjikana miyezi inayi sikuchoka ndi Lamulungu limodzi. Tulo ndi timene timayamba kubwerera, mkwiyo n'kutsatira, ndipo chikondi cha pa ntchito chimabwera pomalizira, mwina patapita miyezi. Koma ngati patatha masabata asanu ndi limodzi mwachepetsadi ntchito, mukugona, kuchipatala sanapeze kanthu, koma palibe chasintha, kaonaneni ndi mlangizi wa za maganizo. Chitaninso chimodzimodzi ngati mwayamba kumwa mowa kapena mapiritsi kuti mugone, ngati mkwiyo wayamba kugwera ana, kapena ngati mwayesa kukana koma pakamwa pakukanika ndithu mpaka kunjenjemera. Kwa ena mantha okana anayambira kutali, pa ubwana kapena m'banja lankhanza, ndipo amafuna munthu wokhala naye pansi maulendo angapo. Kupatula ku Queens, thandizo lotere limapezekanso ku chipatala cha a maganizo ku Zomba, ndipo kwa owerenga a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kuli St John of God.

Za nsalu za ukwati zomwe zili kale m'shopumo, musadikire. Lero ndi mawa werengani maola ake ndi mtengo wake, mukambirane ndi bambo, ndipo sabata ino isanathe alamu akhale atamva chimene musoke ndi chimene simusoka. Ukwati ukadali kutali angathe kupeza telala wina mosavuta. Mukawauza kutatsala masabata awiri, adzakhala ndi chifukwa chomveka chokwiyira. Nsalu zimene simusoka muzibweze tsiku lomwelo, mutaziwerenga pamaso pawo.